Chidziwitso cha Kolera Chomasuliridwa Kuchokera m'Chifalansa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi chidziwitso cha kolera chingachokere bwanji m'Chifalansa kufikira pa khoma la chipatala cha kumudzi m'Malawi?

Zolembedwa zambiri zophunzitsa kapewedwe ka kolera zinayambira m'Chifalansa chifukwa mayiko angapo omwe akhala akulimbana ndi matendawa kwa zaka zambiri, monga Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Haiti, amagwiritsa ntchito chiyankhulochi m'maofesi ndi m'zipatala zawo. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1971, limasindikiza mabuku ake a malangizo m'Chifalansa ndi m'Chingerezi, ndipo Chifalansa ndi chimodzi mwa ziyankhulo zovomerezeka za bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Mliri ukabuka ogwira ntchito zaumoyo sakhala ndi nthawi yolemba uthenga watsopano, choncho amatenga chidziwitso chomwe chinathandiza kudera lina n'kupempha kuti chimasuliridwe msanga.

Changu choterechi chinafunika m'Malawi pa mliri womwe unayamba mu Marichi 2022 m'boma la Machinga, pambuyo pa namondwe Ana, ndipo unafalikira m'maboma onse a dziko lino, n'kudwalitsa anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa nthawi ngati imeneyo pepala limodzi lomatidwa pa khoma la chipatala limawerengedwa ndi mlangizi wa zaumoyo, mfumu, mphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo, ndipo aliyense wa iwowa amakauza anthu ena ambiri zomwe wawerengazo, kotero kuti cholakwika chimodzi cha womasulira chimayenda mtunda wautali chisanazindikirike.

Kodi chidziwitso chotere chimayenera kunena chiyani za matendawa?

Kolera amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Vibrio cholerae, komwe kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena m'chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako. Kakafika m'matumbo aang'ono kamatulutsa poizoni yemwe amachititsa matumbowo kutaya madzi ndi mchere wochuluka m'malo mozilowetsa m'thupi, ndipo zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 kuchokera pamene munthu wameza kachilomboko. Chomwe chimapha wodwala ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu amene watsekula m'mimba kwambiri angamwalire m'maola ochepa ngati madziwo sabwezeretsedwa, pamene mwa odwala olandira chithandizo choyenera msanga omwalira amachepa kuposa mmodzi pa anthu 100 aliwonse.

Mfundo ina yomwe kawirikawiri imasiyidwa pofupikitsa chidziwitso ndi yakuti anthu ambiri omwe atenga kachilomboka sadwala konse, komabe amakatulutsa m'chimbudzi chawo kwa masiku ofika 10. Mfundoyi ndiyo imapereka chifukwa chouzira mudzi wonse kuti uzigwiritsa ntchito chimbudzi ndi kusamba m'manja, pakuti banja lomwe mulibe wodwala likhoza kuganiza kuti malangizowo akunena za anzawo. Chidziwitso chabwino chimakhala ndi ntchito zinayi zokha: kuteteza madzi akumwa, kulekanitsa chimbudzi ndi pakamwa, kuyamba kubwezeretsa madzi m'thupi la wodwala pakhomo pomwepo, ndi kumutengera kuchipatala mosazengereza.

Kodi pomasulira chidziwitsochi, gawo lovuta kwambiri ndi liti?

Ambiri amaganiza kuti vuto lili pa mawu a zachipatala, koma mawu amenewo Chichewa chinawapezera kale njira, pakuti kutsekula m'mimba, kusanza, kutha madzi m'thupi ndi chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga ndi mawu omwe anamwino amayankhula tsiku ndi tsiku. Povuta penipeni ndi pa miyezo, chifukwa nambala iliyonse ya m'chidziwitso cha Chifalansa inawerengeredwa mankhwala, mabotolo ndi masupuni opezeka kumene chidziwitsocho chinalembedwa, ndipo nambala yomweyo ikakoperedwa mokhulupirika m'Chichewa ingapereke mlingo wolakwika ikakumana ndi ziwiya za kuno. Kumasulira kolondola kwa pepala lotere kumayesedwa ndi zomwe zimachitika m'ndowa ndi m'kapu ya wodwala, ndipo womasulira amene sanafunse kuti pachipatalapo pali klorini wa mtundu wanji ndiye kuti ntchito yake sanaitsirize.

Pali misampha iwiri ing'onoing'ono yomwe iyenera kudziwika poyamba. Chifalansa chimalemba tizigawo ta nambala ndi koma pamene m'Malawi timalemba dontho, motero 0,5 ya m'Chifalansa ndi 0.5, ndiye kuti theka, ndipo wotayipa amene wafufuta komayo poyesa kuti ndi cholakwika amasandutsa theka kukhala 5. Msampha wachiwiri ndi wa masupuni, pakuti supuni yaing'ono yolowa mamililita 5 Afalansa amaitchula ndi dzina la khofi, ndipo yaikulu yolowa mamililita 15 amaitchula ndi dzina la msuzi, pamene kuno yaing'onoyo imadziwika kuti ya tiyi ndipo yaikuluyo ndi yodyera phala. Womasulira akangolemba kuti supuni osanena kukula kwake, owerenga ambiri amatenga yaikulu chifukwa ndiyo imapezeka m'nyumba zambiri, ndipo mlingo umachuluka katatu.

Kodi malangizo a klorini amasokonekera bwanji, ndipo amakonzedwa bwanji?

Klorini ndi mankhwala opha tizilombo omwe amabwera m'maonekedwe osiyanasiyana, ndipo mphamvu yake imayezedwa m'maperesenti, kutanthauza kuchuluka kwa klorini wogwira ntchito m'magawo 100 aliwonse a mankhwalawo. Zidziwitso za m'Chifalansa zimakonda kutchula madzi a Javel, omwe ndi klorini wamadzi woyeretsera zovala ndi nyumba, wotchedwa ndi dzina la dera la mu Paris kumene anayamba kupangidwira, ndipo wogulitsidwa m'mabotolo ku France amakhala wa 2.6 peresenti. Pachipatala cha kumudzi m'Malawi chomwe chimapezeka kawirikawiri ndi klorini waufa wotchedwa HTH, wa mphamvu ya pakati pa 65 ndi 70 peresenti, komanso klorini wosungunula kale wa 1 peresenti yemwe alangizi a zaumoyo amapanga kuchokera ku ufawo n'kumagawa m'midzi, ndipo m'magolosale mumapezeka Jik wa 3.5 peresenti. Zinthu zinayizi anthu amangozitcha klorini, ngakhale kuti ufawo umaposa madzi a Javel mphamvu ka 25 kapena kuposapo.

Chitsanzo chimodzi chionetsa bwino kukula kwa nkhaniyi. Madzi osambira m'manja pamalo osamalira odwala kolera amayenera kukhala ndi klorini wa 0.05 peresenti, ndipo kuti papezeke ndowa ya malita 20 ya madzi amenewa, chidziwitso cha Chifalansa chowerengera madzi a Javel a 2.6 peresenti chidzanena mamililita pafupifupi 385, pakuti mlingo umapezeka pochulukitsa mamililita 20,000 ndi 0.05 n'kugawa ndi 2.6. Masamu omwewo akachitidwa pa Jik wa 3.5 peresenti amapereka mamililita pafupifupi 285, pa klorini wa 1 peresenti amapereka lita imodzi yathunthu yothira m'malita 19 a madzi, ndipo pa ufa wa HTH amapereka magalamu pafupifupi 15, omwe ndi supuni yaikulu imodzi yosalazidwa pamwamba. Womasulira akalemba kuti thirani mamililita 385 a klorini, munthu amene wanyamula klorini wa 1 peresenti wochokera kwa mlangizi apanga madzi osafika ngakhale theka la mphamvu yofunikayo, ndipo adzasamba m'manja akukhulupirira kuti watetezeka, pamene amene wayeza ufa wa HTH pa mlingo womwewo apanga madzi owotcha khungu ndi oyabwa m'maso.

Palinso zolembedwa zakale za m'Chifalansa, ndi mabotolo ena ogulitsidwa m'mayiko oyankhula Chifalansa mu Africa, zomwe zimayeza mphamvu ya madzi a Javel m'madigiri, ndipo digiri imodzi ndi pafupifupi 0.3 peresenti, moti madzi a madigiri 12 ndi a pafupifupi 3.6 peresenti. Womasulira wosadziwa muyeso umenewu angalembe 12 peresenti, ndipo namwino wowerengera kuchokera pa nambalayo adzathira madzi osungunulira ochuluka koposa katatu kuposa oyenera.

Njira yokonzera ndi yakuti womasulira alembe kaye mphamvu yomwe chidziwitso choyambirira chikufuna pa ntchito iliyonse, ndiye 0.05 peresenti ya m'manja, 0.2 peresenti yotsukira pansi, mabedi, zovala ndi ziwiya za wodwala, ndi 2 peresenti yothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala komanso pa thupi la womwalira, kenako akhale pansi ndi mlangizi kapena woyang'anira zaukhondo wa m'boma kuti awerengere pamodzi milingo ya klorini amene alipodi pachipatalapo. Pa ufa wa HTH, supuni yaikulu imodzi m'malita 5 imapereka 0.2 peresenti, ndipo masupuni aakulu awiri m'lita imodzi amapereka 2 peresenti. Chidziwitso cha Chichewa chitchule dzina la mankhwalawo nthawi iliyonse chikamapereka mlingo, chinene kuti madzi osambira m'manja azipangidwa atsopano tsiku ndi tsiku popeza klorini wosungunula amatha mphamvu msanga, makamaka padzuwa, ndiponso kuti asungidwe m'ndowa ya pulasitiki yovindikira chifukwa amadya chitsulo. Nzeru yaikulu ndi kugawa pepalalo pawiri, lina la ogwira ntchito pachipatala lokhala ndi milingo itatuyi, ndi lina la mabanja lokhala ndi mlingo umodzi wokha wa madzi akumwa, pakuti milingo yambiri pa pepala limodzi imasinthanitsidwa m'mutu, ndipo madzi a milingo itatuyi palibe oyenera kumwa.

Nanga za madzi akumwa chidziwitso cha Chichewa chinene bwanji?

Mawu a Chifalansa onena za madzi oyenera kumwa amamasuliridwa kawirikawiri kuti madzi oyera kapena madzi abwino, koma kumudzi madzi oyera ndi omwe akuoneka mbee m'ndowa, ndipo madzi a pachitsime chosatetezedwa angaoneke choncho ali ndi tizilombo. Chidziwitso chimathandiza kwambiri chikanena chochita, kuti madzi akumwa ndi omwe athiridwa klorini kapena awiritsidwa mpaka kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu, ngakhale atatungidwa pamjigo, chifukwa madzi otuluka abwino pamjigo amadetsedwa panjira ndi zala zogwira m'kamwa mwa ndowa, masamba oika pamwamba kuti asatayike, ndi kapu yotungira yomwe aliyense amaigwira. Pa chifukwa chimenechi chiwiya chosungira madzi chiyenera kukhala cha kukamwa kwakung'ono ngati chigubu, kapena ndowa yovindikira yokhala ndi kampopi, ndipo ngati pali mtsuko wokha, chikho chotungira chikhale cha mpini wautali ndipo chisakhale chomwera.

Pa mlingo, mabanja ambiri amadziwa WaterGuard, yemwe chivindikiro chake chimodzi chimathiridwa m'malita 20 a madzi, ndipo malangizo olembedwa pa botolo ndiwo oyenera kutsatidwa. Chidziwitso cha Chifalansa chikatchula mapiritsi a klorini, womasulira aone kukula kwa mapiritsi omwe afika pachipatalapo, chifukwa mapiritsiwa amapangidwa osiyanasiyana, ena a lita imodzi ndi ena a malita 20. Pa klorini wa 1 peresenti, mlingo umadalira madzi a pamalopo, popeza dothi ndi zinyalala za m'madzi zimadya gawo la klorini lisanafike pa tizilombo, ndipo akatswiri amaupeza poyesa: amadzaza ndowa zinayi za malita 20 ndi madzi a pachitsime chimodzi, amathira milingo yokwera pang'onopang'ono mu ndowa iliyonse, amadikira mphindi 30, kenako amayeza klorini wotsala ndi kachipangizo kosintha mtundu n'kusankha ndowa yomwe yatsala ndi pafupifupi theka la miligalamu pa lita. Klorini wotsalayu ndi amene amateteza madziwo pamene akusungidwa m'nyumba. Motero nambala ya m'pepala la dziko lina siyenera kulowa m'malo mwa mlingo womwe alangizi a m'deralo akuphunzitsa.

Mphindi 30 zodikira madzi asanamwedwe zilembedwe moonekera, pamodzi ndi langizo lakuti madzi amatope ayambe adikha kapena asefedwe ndi nsalu yoyera asanathiridwe mankhwala. Nkhani ya fungo nayo isabisidwe, chifukwa mabanja ambiri amasiya klorini podana ndi fungo lake, ndipo chiganizo chimodzi chonena kuti kafungo kochepa ndi chizindikiro chakuti madziwo atetezedwa, pamene fungo lamphamvu loyabwa pakhosi likusonyeza kuti mlingo wachuluka, chimathandiza kuposa kuwakalipira. Womasulira asamalenso kufanana kwa mawu akuti kolera ndi klorini m'makutu a anthu, pakuti kumpoto kwa Mozambique, kumene mawu awiriwa amafanananso m'Chipwitikizi, mphekesera zakuti othira mankhwala m'zitsime ndiwo akubweretsa matendawa zinadzetsapo ziwawa kangapo. N'kwanzeru kulemba kuti klorini, mankhwala opha tizilombo m'madzi, pamalo oyamba pamene dzinali likutchulidwa.

Kodi malangizo a madzi obwezeretsa mphamvu m'thupi amafuna kusintha kotani?

Mankhwala omwe chidziwitso cha Chifalansa chimawafupikitsa kuti SRO ndi omwe m'Malawi amadziwika kuti ORS kapena Thanzi, ndiwo ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi, ndipo amagwira ntchito chifukwa shuga amathandiza matumbo kukoka mchere ndi madzi kulowa m'thupi ngakhale pamene poizoni wa kolera akuwatulutsa. Zilembo za Chifalansazo zikasiyidwa momwemo, mayi wopita kuchipatala kapena kugolosale sadzadziwa chomwe akupempha. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, koma lita si muyeso womwe uli m'khitchini iliyonse, choncho chidziwitso chitchule chiwiya chodziwika, monga botolo la madzi ogula la mamililita 500 lodzaza kawiri. Botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi limalowa mamililita 300 okha, ndipo amene wasungunula paketi yonse m'botolo limodzi lotere wapanga madzi amchere wochuluka koposa katatu, omwe angapweteke mwana wamng'ono m'malo momuthandiza. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24.

Mlingo womwetsa umatsata msinkhu: mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsekula, wa zaka 2 mpaka 9 amwe mamililita 100 mpaka 200, ndipo wamkulu amwe monga momwe angathere. M'Chichewa izi zimamveka bwino zikaperekedwa m'makapu, koma womasulira ayeze kaye kapu yomwe ili yofala m'deralo, pakuti makapu apulasitiki a m'midzi amasiyana kukula, ndipo chithunzi cha kapu chojambulidwa mzere pa mlingo woyenera chimaposa mawu. Wodwala akasanza, womusamalira adikire mphindi 10 kenako apitirize kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Langizo limeneli lilembedwe mwamphamvu chifukwa pali chikhulupiriro chofala chakuti kumwetsa munthu wotsekula m'mimba kumawonjezera kutsekulako, ndipo chidziwitso cha Chifalansa sichingakhale chinachiyankha.

Pamene palibe paketi, zidziwitso zina zimapereka njira yapakhomo ya masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi, masupuni onse osalazidwa pamwamba. Apa ndi pamene misampha iwiri ija, ya koma ndi ya kukula kwa supuni, imakumana pa mzere umodzi, ndipo kusinthanitsa shuga ndi mchere kungaphe mwana. Madzi apakhomowa alibenso potaziyamu, mchere wina womwe wodwala kolera amataya, motero alembedwe ngati ongothandiza panjira yopita kuchipatala.

Kodi chidziwitso chiuze anthu kuti apite liti kuchipatala?

Pa nthawi ya mliri yankho ndi lakuti munthu aliyense wotsekula m'mimba mwamadzi anyamuke nthawi yomweyo akumwa Thanzi panjira, osadikira kuti kuche kapena kuti zizindikiro zina zioneke. Zolembedwa za Chifalansa zimakonda mawu aulemu ofanana ndi akuti n'koyenera kukaonana ndi achipatala, ndipo akamasuliridwa momwemo amamveka ngati malangizo omwe munthu angatsate akapeza mpata, pamene Chichewa chili ndi njira yolamula mwaulemu, yakuti pitani naye kuchipatala msanga. Zizindikiro zoopsa zitchulidwe monga momwe womusamalira amazionera: maso olowa m'kati, ludzu lalikulu kapena kulephera kumwa, kusakodza, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, kufooka mpaka kusayankha, liwombo lolowa mwa khanda, ndi khungu la pamimba lomwe likatsinidwa limachedwa kubwerera. Wodwala wotere amafunika dripi, yomwe pakhomo palibe. Chidziwitso chitchule dzina la malo enieni olandirira odwala kolera m'deralo, ndipo chinene kuti chithandizocho n'chaulere m'zipatala za boma, popeza kuopa ndalama kumachedwetsa mabanja.

Kodi womasulira ali ndi ufulu wowonjezera zomwe m'Chifalansa mulibe?

Womasulira payekha alibe ufulu wosintha mfundo za zachipatala, koma ali ndi udindo wouza eni chidziwitso pamene langizo silikukhudza moyo wa owerenga, ndipo kusintha kulikonse kuvomerezedwe ndi ofesi ya zaumoyo ya m'boma, komanso kugwirizane ndi mauthenga a Unduna wa Zaumoyo. Langizo la kusamba m'manja ndi sopo lingamasuliridwe molondola koma osasintha kanthu, chifukwa anthu amasamba kale m'manja asanadye nsima, ndipo vuto lili pa beseni limodzi lomwe onse amaviikamo manja motsatizana, womaliza n'kusamba litsiro la anzake. Chichewa chiyenera kunena kuti madziwo achite kuthiriridwa, kapena agwiritse ntchito mpondagiya, kachigubu kopachika komwe kamapendeka munthu akaponda kamtengo, ndipo chitchule nthawi zake: pochoka kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya ndi musanadye kapena kudyetsa mwana. Chimbudzi cha makanda chitchulidwe padera, popeza ambiri amachiyesa chosaopsa.

Chimodzimodzinso pa chakudya, pepala la Chifalansa lingatchule zakudya zomwe kumudzi kulibe, pamene zofunika kutchulidwa ndi mkute womwe uyenera kutenthetsedwanso mokwanira, thobwa lofululidwa kapena kusungunulidwa ndi madzi osatetezedwa, mango otola pansi, ndi zakudya zophikaphika za pamsika zomwe zakhala zosavindikira.

Pa maliro ndi pamene pamafunika mawu osankhidwa mosamala kwambiri. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo, ndipo matendawa amafala pamene omwe asambitsa thupi apita kukagwira chakudya kapena madzi a anthu obwera pamaliro. Malangizo amafuna kuti thupilo likonzedwe ndi ogwira ntchito zaumoyo pogwiritsa ntchito klorini wa 2 peresenti, liikidwe m'manda msanga, ndipo pamaliropo pasaphikidwe chakudya cha gulu. Izi zimakhudza ntchito ya adzukulu ndi ulemu womwe banja limapereka kwa malemu, motero chiganizo chouma choletsa chimadzetsa mkwiyo, ndipo mabanja ena amabisa odwala poopa kuti m'bale wawo adzaikidwa popanda mwambo. Chidziwitso cha Chichewa chipereke chifukwa cha lamulo lililonse, chinene zomwe zikuloledwabe monga mapemphero ndi kuona nkhope chapatali, ndipo chiyankhule kwa mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, pakuti iwo ndiwo amalamula pamaliro.

Kodi zingadziwike bwanji kuti chidziwitso chomasuliridwacho chili bwino chisanamatidwe pa khoma?

Njira yozolowereka ndi kupatsa munthu wina amene sanaone pepala loyambalo kuti abwezere Chichewacho m'Chifalansa, kenako n'kufananitsa mapepala awiriwo. Njirayi imagwira ziganizo zodumphidwa ndi nambala zokopedwa molakwika, ndipo ndi yofunika kwambiri pamene kumasulirako kwadzera m'Chingerezi, monga zimachitikira kawirikawiri chifukwa odziwa bwino Chifalansa ndi Chichewa pamodzi ndi ochepa. Malire ake ndi akuti siingagwire vuto la madzi a Javel lija, pakuti mamililita 385 adzabwerera m'Chifalansa ali 385, ndipo mapepala awiriwo adzagwirizana pa mlingo womwe m'ndowa ya kuno ndi wolakwika.

Mayeso odalirika ndi a manja. Anthu ochepa a m'mudzi womwewo, kuphatikizapo amayi olera ana aang'ono ndi okalamba omwe sawerenga, amawerengeredwa chidziwitsocho mokweza kamodzi, popeza ambiri adzachilandira ndi makutu, kenako amapatsidwa ndowa, mabotolo osiyanasiyana, masupuni a mitundu iwiri, paketi ya Thanzi ndi klorini wa pachipatalapo, n'kupemphedwa kuti achite zomwe amva popanda wowathandiza. Woyesayo amayang'ana botolo lomwe asankha, supuni yomwe atenga, ngati aisalaza, ndi ngati adikira asanamwe, ndipo pomaliza amayeza klorini wotsala m'ndowamo. Anthu awiri akalakwitsa pamalo amodzi, cholakwa chili m'chiganizocho, ndipo chilembedwenso. Kufunsa kuti mwamva kodi sikuthandiza, chifukwa ulemu umachititsa anthu kuvomera pamaso pa wachipatala.

Pepala lomalizalo likhale ndi tsiku lomwe lalembedwa ndi dzina la klorini amene milingo yake yawerengeredwa, ndipo woyang'anira chipatala alichotse pa khoma tsiku lomwe kwafika klorini wa mtundu wina, mpaka milingo itawerengedwanso.